Nambala ya CD4: momwe makina amasiyanitsira asilikali a m'thupi m'kadontho ka magazi

Kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, simusowa munthu wamkulu amene akukumbukira masiku omwe nambala ya CD4 inali chiweruzo. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, si aliyense wopezeka ndi HIV amene ankalandira mankhwalawo. Unkayenera kuoneka kuti wadwaladi, apo ayi CD4 yako ikhale itatsika kufika pa mlingo woikika, ndipo anthu ankauzidwa kuti, "Chitetezo chanu chikadali chokwera, mubwerenso." Mlingowo unakwezedwa kufika pa 350 mu 2011, kenako pa 500 mu 2014, mpaka mu 2016 dziko lino linayamba kupereka mankhwala kwa aliyense wopezeka ndi kachiromboko osadikira nambala iliyonse. Ngakhale ndondomeko ya Option B+ ya mu 2011, yomwe Malawi anayamba dziko lina lililonse lisanayambe, inabadwa mwa zina chifukwa makina oyezera CD4 sankafika kwa amayi oyembekezera ambiri akumudzi.

Ambiri anaganiza kuti nkhani ya CD4 yathera pomwepo, koma siinathe. Mu 2017 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka anthu amene HIV yawafooketsa kwambiri, ndipo malire ake ndi CD4 yosafika 200. Amene akuyamba mankhwala mochedwa, amene anasiya n'kubwerera, ndi amene mankhwala akuoneka kuti sakugwiranso ntchito m'thupi mwawo, onsewa nambalayi imafunikabe, chifukwa munthu amatha kulowa yekha m'chipinda cha dokotala akuyenda bwinobwino pomwe CD4 yake ili pa 80. Choncho funso n'lakuti, makina amadziwa bwanji kuti selo iyi ndi ya CD4, inayo ayi, pomwe pa maikulosikopu zonse zimaoneka chimodzimodzi?

Vuto lenileni ndi lomwelo. M'maikulolita imodzi ya magazi, kadontho kochepa kuposa mutu wa phini, muli maselo ofiira okwana mamiliyoni anayi kapena asanu, pomwe maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, alimo masauzande ochepa chabe. Mwa oyerawo muli manyutirofili, mamonosaiti, malimfosaiti ndi ena ochepa. Katswiri wa mu labotale akapaka magazi pa kagalasi n'kuthira utoto amawasiyanitsa magulu amenewa ndi maso. Koma akafika pa malimfosaiti, maso amathera pomwepo. Onse ndi timaselo tozungulira tokhala ndi phata lalikulu, chikhalirecho ntchito zawo n'zosiyana kutalitali. Maselo a B amapanga ma antibodi. Maselo a NK amapha selo yomwe yagwidwa ndi kachirombo kapena yayamba kusanduka khansa. Maselo a T ali pawiri: ena amapha, ena amatsogolera nkhondo yonse pouza anzawo chochita. Otsogolerawa ndiwo HIV imalimbana nawo.

Chomwe chimawasiyanitsa chili pakhungu la selo. Selo iliyonse ili ndi mapuloteni otuluka kunja omwe imagwirira ntchito yake, ndipo akatswiri atakumana ku Paris mu 1982 anagwirizana zowatchula ndi zilembo za CD ndi nambala. CD45 ili pa maselo oyera onse, koma imachuluka kwambiri pa malimfosaiti. CD3 ili pa selo ya T iliyonse yokhwima, ndipo pa maselo a B ndi a NK palibe. CD4 ili pa maselo a T otsogolera, ndipo ndi pomwe HIV imagwira polowa m'selo. CD8 ili pa maselo a T akupha. Maselo a B amadziwika ndi CD19, pomwe a NK amadziwika ndi CD16 ndi CD56 popanda CD3.

Puloteni yotere siioneka, ndiye pamafunika choimatirira. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein, ku Cambridge, anapeza njira yopangira ma antibodi ambirimbiri ofanana ndendende, onse omatirira pa chinthu chimodzi chokha. Antibodi ya CD4 imadutsa puloteni ina iliyonse n'kukakamira pa CD4 basi. Opanga amaimangirira utoto womwe umawala ukaombedwa ndi kuwala kwa leza: FITC imawala mobiriwira, PE mwachikasu chopita kofiira, PerCP mofiira, ndipo APC imafuna leza yakeyake yofiira. Ukasakaniza ma antibodi anayi, iliyonse ndi utoto wake, n'kuthira m'magazi, selo iliyonse imavala mitundu yogwirizana ndi mapuloteni omwe ili nawo.

Makina a fulo saitometiri ntchito yake ndi kuwerenga mitundu imeneyi selo imodziimodzi. Amakoka madzi a magazi aja n'kuwalowetsa pakati pa madzi ena amchere omwe akuthamanga kwambiri m'kanjira kopapatiza. Madzi akunjawo amapanikiza am'katiwo mpaka maselo amandandalika imodziimodzi ngati anthu powoloka pa ulalo wa mtengo umodzi. Pamenepo mpomwe leza yabuluu ya mananomita 488 imaomba, ndipo pa sekondi imodzi pamadutsa maselo mazana kapena masauzande. Selo iliyonse ikadutsa, makina amalemba zinthu zingapo nthawi imodzi. Kuwala komwe kwapatuka pang'ono kutsogolo, komwe pa sikirini pamalembedwa FSC, kumapereka chithunzi cha kukula kwa selo. Komwe kwamwazikira m'mbali, SSC, kumaonetsa kuchuluka kwa timibulu ta m'kati mwake: nyutirofili ili ndi timibulu tambiri ndiye SSC yake ndi yokwera, limfosaiti ndi yosalala m'kati ndiye ili pansi, monosaiti ili pakati. Kenako magalasi osefa kuwala amagawa mitundu ija, uliwonse kupita ku kachipangizo kake koyezera. Makina a mtundu uwu anayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Münster ndi Wolfgang Göhde komanso ku Stanford ndi gulu la Leonard Herzenberg, ndipo makina a CyFlow ndi a FACS omwe agwira ntchito m'malabotale a dziko lino anachokera ku magwero awiriwa.

Tiyeni titsate botolo limodzi. Tiyerekeze bambo wa kwa Kaduya amene anasiya mankhwala atapita kukagwira maganyu ku Mozambique, ndipo wabwera patatha zaka ziwiri ataonda pang'ono koma akuti akupeza bwino. Magazi ake amatengedwa pamkono n'kuikidwa m'kabotolo ka chivindikiro chofiirira, komwe muli mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana. Wotenga magaziyo amatembenuza kabotoloko pang'onopang'ono kangapo konse, osakakhutchumula.

Mu labotale yomwe ili ndi makina a mitundu inayi, katswiri amatenga kachubu komwe pansi pake pali timikanda tating'onoting'ono towala, ndipo chiwerengero chake chinalembedwa pa paketi. Tinene kuti timikandato tilipo 50,000. Amathiramo mamaikulolita 20 a ma antibodi a CD45, CD3, CD4 ndi CD8, kenako mamaikulolita 50 a magazi, n'kusakaniza, n'kuika pamdima mphindi 15 chifukwa kuwala kumafooketsa utoto. Akatero amathiramo mamaikulolita 450 a mankhwala ophulitsa maselo ofiira, n'kudikiranso mphindi 15. Madzi omwe anali ofiira mwa mbuu amasanduka ofiira koma oonekera, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choti maselo ofiira aphulika. Chubu chachiwiri chimakonzedwa chimodzimodzi, koma m'malo mwa CD4 ndi CD8 mumalowa CD19 ndi CD16 pamodzi ndi CD56.

Pa sikirini selo iliyonse imaoneka ngati kadontho. Chithunzi choyamba chimaika CD45 chopingasa ndi SSC choimirira, ndipo timadontho timasonkhana m'magulu atatu ooneka bwino. Gulu lomwe lili pansi chakumanja, lowala kwambiri ndi CD45 koma la SSC yotsika, ndiwo malimfosaiti. Katswiri amalizunguliza ndi mzere, womwe mu labotale amautcha geti, kutanthauza kuti kuyambira pano makina aziona okhawo omwe ali m'kati. Kale geti inkajambulidwa pongoona FSC ndi SSC, koma zinyenyeswa za maselo ofiira osaphulika bwino zinkalowerera n'kusokoneza mawerengero. CD45 inathetsa vuto limeneli poti maselo ofiira alibe.

Mwa bambo athu aja, tinene kuti makina aona malimfosaiti 4,600 ndi timikanda 5,000 asanaime. Chithunzi chachiwiri chimatenga malimfosaiti okhawo n'kuika CD3 mbali imodzi, CD4 mbali inayo, n'kugawa pa zigawo zinayi. Omwe ali ndi CD3 onse apezeka 3,500. Mwa amenewa, omwe alinso ndi CD4 ndi 740, ndipo omwe ali ndi CD8 ndi 2,600. Makina sanamwe madzi onse a m'chubu, ndiye nambala ya 740 payokha siikunena kanthu za thupi la munthuyo. Apa mpomwe timikanda timagwira ntchito. Ngati pa timikanda 50,000 makina aona 5,000, ndiye kuti aona gawo limodzi mwa magawo khumi a zonse zomwe zinali m'chubu, maselo omwe. Masamu ake ndi awa:

```
CD4 = (740 / 5000) x (50000 / 50) = 148
```

Bambowo ali ndi maselo a CD4 okwana 148 pa maikulolita imodzi, pomwe munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi pakati pa 500 ndi 1,500. Pa malimfosaiti 100 aliwonse, 16 okha ndiwo a CD4, pomwe a CD8 ndi pafupifupi 57. Mwa munthu wathanzi a CD4 amachuluka kuposa a CD8. Apa zatembenuka, monga zimakhalira HIV ikakhala nthawi yaitali osaletsedwa.

Katswiri wodziwa ntchito sasainira pepala asanadzifunse ngati manambalawa akugwirizana okhaokha. A CD4 ndi a CD8 akaphatikizidwa akupereka 3,340, pafupi ndi 3,500 a CD3, ndipo otsala ochepawo si achilendo chifukwa pali maselo a T ena omwe alibe zonse ziwiri. M'chubu chachiwiri, tinene kuti maselo a B apezeka 9 pa 100 alionse, a NK 13, ndipo a T 76 monga m'chubu choyamba. Kuphatikiza zikukwana 98. Malimfosaiti onse ayenera kukhala a T, a B kapena a NK, ndiye chiwerengerochi chiyenera kuyandikira 100, osatalikira kuposa 5. Chikanatuluka 85, akanadziwa kuti m'geti mwalowa zinthu zomwe si malimfosaiti, n'kubwerera kukajambulanso.

Mlendo amene amakonda kulowerera ndi monosaiti, ndipo ndiye chifukwa chake CD4 payokha siidalirika. Monosaiti nayo ili ndi CD4 pakhungu pake, yochepa kusiyana ndi ya selo ya T, koma yokwanira kuwala. Magazi akakhala atsopano, mamonosaiti amakhala pagulu pawo, pamwamba pang'ono pa malimfosaiti. Akagonera kapena akatenthedwa, magulu awiriwa amayamba kuyandikana mpaka malire osaonekanso. Tiyerekeze kuti mamonosaiti 400 alowa m'geti, ndipo makinawo akungowerenga chilichonse chowala ndi CD4. M'malo mwa 740 tikhala ndi 1,140, ndipo masamu omwe aja atipatsa 228. Munthu yemweyo, magazi omwewo, koma tsopano wadumpha malire a 200.

Kusiyana kwa 148 ndi 228 si kwa papepala pokha. Wa 148 amayezedwa magazi kufufuza kafangasi komwe kamayambitsa matenda oumitsa khosi, kuyeza komwe pa fomu pamalembedwa CrAg, ndiponso mkodzo wake umayezedwa TB ndi kachipangizo ka LAM. Kafangasiko kamatha kupezeka m'magazi masabata angapo mutu usanayambe kupweteka, ndipo kakapezeka msanga, dokotala amaona ngati kafika kale ku ubongo. Ngati sikanafike, mapiritsi a fulukonazo amatha kukaletsa. Wa 228 akhoza kungopatsidwa ma ARV ndi bakitirimu n'kubwerera kumudzi. CD3 ndiyo imatseka khomo limeneli. Monosaiti ilibe CD3, ndiye ngakhale italowa m'geti imagwera m'chigawo china, ndipo makina amangowerenga selo yomwe ili ndi zonse ziwiri. Nkhani ndi yomweyonso ku CD8, poti maselo ena a NK ali nayo pang'ono. Pa ntchito imeneyi selo imadziwika ndi zomwe ili nazo pamodzi ndi zomwe ilibe.

Pali njira inanso yopatulira monosaiti, ndipo inayesedwa konkuno. Mu 2007 Calman MacLennan ndi anzake anasindikiza mu magazini ya zachipatala ya BMJ zotsatira za njira yomwe anaitcha Blantyre count. Ma antibodi ndiwo ankadula kwambiri pa kuyeza kulikonse, ndiye iwo anachepetsa mitundu yake ndi muyeso wake, n'kudalira SSC kuti ilekanitse mamonosaiti ndi maselo a T, ndipo zotsatira zake zinagwirizana bwino ndi za njira yodula ija. Kuchepetsa ndalama koteroko kuli ndi mtengo wake: njira iliyonse yodalira SSC imafuna magazi osungidwa bwino ndi diso la munthu wodziwa kuona pomwe magulu ayamba kusakanikirana.

Kunena zoona, zolakwika zambiri sizichitikira m'makina. Zimachitika magazi asanafike. Masamu aja akuganiza kuti m'chubu munalowa mamaikulolita 50 enieni. Magazi ndi olemera ndipo amamatirira m'kamwa mwa pipeti, ndiye ngati mwalowa 40 okha, zotsatira zimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu: wa 240 amatuluka 192. N'chifukwa chake akatswiri amakoka magazi opitirira pang'ono n'kutulutsa muyeso wofunikawo, otsalawo n'kusiya m'pipeti momwemo. Kabotolo komwe sikanatembenuzidwe bwino kamakhala ndi timagazi toundana tomwe timakola maselo, ndipo koteroko n'kongobweza, osayesa n'komwe. Magazi a CD4 amayenera kukhala pa kutentha kwa m'chipinda, madigiri 20 mpaka 25, osaikidwa mufiriji, ndipo akonzedwe pasanathe masiku awiri. Aliyense amene anayendapo m'chigwa cha Phalombe mwezi wa Okutobala akudziwa kuti bokosi lomwe lili kumbuyo kwa njinga yamoto masana silikhala pa madigiri 25 pokhapokha wina atachitapo kanthu. Pa sikirini magazi otenthedwa amadziulula okha: magulu amafalikira, manyutirofili amatsika kuchoka pamalo pawo, zinyenyeswa zimachuluka.

Makina nawo ali ndi zawo. Utoto wa FITC suwala mobiriwira mokha; kuwala kwake kwina kumatayikira ku kachipangizo ka PE. Makina amayenera kuuzidwa kuchuluka kwa kotayikako kuti akuchotse, apo ayi selo yomwe ili ndi chizindikiro chimodzi imaoneka ngati ili ndi ziwiri. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, asanayeze wodwala aliyense, amayamba ndi timikanda toyesera makina ndi magazi oyesera omwe nambala yake ikudziwika kale. Zikapanda kugwirizana, ntchito imaima.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, nambala ya CD4 ya munthu m'modzi siikhazikika. Imakhala yotsika m'mawa n'kukwera chakumadzulo. Malungo, omwe ku Phalombe si alendo, amatsitsa malimfosaiti m'magazi kwa masiku angapo, ndipo amabwerera munthu akachira. Choncho amene anali ndi 420 chaka chatha ndipo lero ali ndi 380 asataye tulo. Ana ndiye nkhani ina: khanda lathanzi limakhala ndi malimfosaiti ochuluka kwambiri kuposa munthu wamkulu, ndiye CD4 ya 700 yomwe ili bwino kwa mayi ikhoza kukhala yotsika kwa mwana wake wa chaka chimodzi. Kwa ana aang'ono madokotala amaona gawo la CD4 pa malimfosaiti 100 alionse. Apanso kafukufuku wa kwathu anaonetsa chinthu chofunika. Wilson Mandala ndi anzake, mu 2010, anayeza Amalawi athanzi opanda HIV a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti mwa ana aang'ono gawo la CD4 linali lotsikirapo kusiyana ndi la ana a m'maiko olemera, komwe miyeso yambiri ya m'mabuku inachokera. Muyeso wobwereka ukhoza kupangitsa mwana wathanzi kuoneka wodwala.

Makina a mitundu inayi kapena kuposa, omwe amaonetsa maselo a T, a B ndi a NK pamodzi, amapezeka m'malabotale akuluakulu ndi a kafukufuku monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Kumeneko njira yomweyi imagwiritsidwa ntchito pofufuza momwe chitetezo cha thupi chimalimbanira ndi malungo, TB ndi matenda ena, ndipo padziko lonse ndi yomwenso imasiyanitsa mitundu ya khansa ya m'magazi. Munthu wa kwa Kaduya amene wapita ku chipatala cha Holy Family kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Migowi, chomwe chinatsegulidwa mu 2022, funso lomwe dokotala wake ali nalo ndi limodzi lokha: CD4 yafika 200 kapena ayi? Poyankha funso limeneli zipatala zambiri za m'maboma ndi zing'onozing'ono m'dziko muno zakhala zikudalira kamakina ka Pima, kotha kunyamulidwa pamanja ndi kuyendera batire. Kamafuna mamaikulolita 25 a magazi, ngakhale a pachala, ndipo kamayankha pa mphindi 20. Mwa Pima maselo sathamanga kudutsa pa leza. Amakhala phee m'kakatiriji, kamakinako n'kuwajambula zithunzi. Koma mfundo yake ndi yomwe ija: m'kakatirijimo muli ma antibodi ouma a CD3 ndi CD4, iliyonse ndi utoto wake, ndipo kamawerenga selo yokhayo yomwe yawala mitundu yonse iwiri. Cholakwika chofala apa ndi kufinya chala kwambiri, zomwe zimasungunula magazi ndi madzi a m'minofu n'kutsitsa nambala.

Chatsopano ndi kachipangizo ka Visitect, kooneka ngati koyezera malungo, kosafuna magetsi kapena makina. Sikawerenga maselo. Kamayeza kuchuluka kwa puloteni ya CD4 yochokera ku maselo a T, ndipo woyeza amayerekeza mzere wa wodwala ndi mzere wa 200 n'kunena ngati uli pansi kapena pamwamba. Opanga anayenera kulimbana ndi mlendo yemwe uja, ndiye anaikamo kansalu kokola mamonosaiti asanafike pa mzere. Kuipa kwake n'kwakuti kamatenga mphindi 40 ndi masitepe angapo oyenera kusunga nthawi, ndipo kakalakwitsa, kawirikawiri kamaika pansi pa 200 munthu amene ali pamwamba pang'ono. Woteroyo amangoyezedwa CrAg ndi LAM zomwe mwina sizinali zofunika. Sikangasiyanitse 190 ndi 30, pomwe kwa dokotala odwala awiriwa ndi osiyana kwambiri, ndipo kuti zidziwike ngati zipangizo zazing'onozi zikunena zoona, zotsatira zake zimayerekezedwabe ndi za makina a leza aja.